Andipatsa kontrakiti kuti ndisaine pofika Lachisanu

Funso: Zikomo bambo. Ndine mnyamata wa zaka 27, ndimakhala ku Nchalo. Ndapeza ntchito ya umakaniko wa mapampu othirira pa famu ina kuno, malipiro K260,000 pamwezi, kugwira Lolemba mpaka Loweruka. Andipatsa kontrakiti ya masamba anayi kuti ndisaine pofika Lachisanu. Mwalembedwa kuti pulobeshoni ndi miyezi 6 koma akhoza kuionjezera, kuti ndikafuna kusiya ndipereke notisi ya miyezi itatu pomwe iwo ndi sabata imodzi yokha, kuti ovataimu ili kale m'malipiro, komanso kuti akhoza kundichotsa nthawi iliyonse. Ntchitoyi ndikuifunitsitsa. Ndisaine?

Yankho: Achimwene, musasaine lero, komanso musaikane ntchitoyo. Masiku amene atsalawa ndi okwanira kuti mukhale pansi ndi pepalalo, cholembera ndi foni yowerengera ndalama, kenako mubwerere kwa abwanawo ndi mafunso atatu kapena anayi olembedwa bwino.

Ndagwira ntchito zaka zambiri mu ofesi yoona za antchito pa kampani ina ya zaulimi, ndipo makontrakiti ngati yanuyi ndawaona ochuluka. Chimene ndikufuna mugwire poyamba ndi ichi: pamwamba pa kontrakiti iliyonse pali lamulo la dziko, Employment Act ya 2000, limene linakonzedwanso mu 2010. Lamuloli linaika mlingo wotsikitsitsa wa zimene wantchito ayenera kulandira. Kontrakiti ikhoza kukupatsani zoposa mlingowo, koma singakutsitseni pansi pake, ngakhale mutasaina ndi dzanja lanu. Ndiye ndime zinayi zimene zikukudetsani nkhawazo sizofanana kulemera. Zina n'zoopsa pozimva chabe, pakuti lamulo linazithyola kale mano. Koma ina, imene mwina mukuiona ngati yaing'ono, ikhoza kukumangani ndithu, chifukwa lamulo silikuiletsa. Ntchito yathu ndi kusiyanitsa ziwirizi.

Tiyambe ndi pulobeshoni, nthawi imene bwana amakuyesani ngati ntchito mukuitha. Gawo 26 la lamuloli limalola nthawi yoyesayi kwa munthu wa luso, ndipo makaniko wa mapampu ali m'gulu limeneli. Malire ake ndi miyezi 12. Miyezi 6 yanuyo ili mkati mwa lamulo, ndipo kuionjezera sikolakwa malinga zonse pamodzi zisapyole chaka. Chimene anthu ambiri sadziwa n'choti m'nthawi imeneyi aliyense wa inu awiri, inu kapena iwo, akhoza kuthetsa mgwirizano popanda notisi. N'chifukwa chake mawu oti "akhoza kuionjezera" si opepuka. Mwezi uliwonse umene aonjezera ndi mwezi winanso umene mukhoza kuuzidwa m'mawa kuti mawa musabwere, osalandira malipiro a notisi.

Choncho pa ndime imeneyi yang'anani zinthu izi. Kodi tsiku loyambira lalembedwa, kuti tsiku lothera liwerengeke popanda mkangano? Kodi akunena kuti adzaonjezera miyezi ingati, ndipo adzakuuzani bwanji? Pemphani kuti alembe kuti kuonjezera kulikonse kudzakhala kwa m'kalata, kalatayo idzafike miyezi 6 isanathe, ndipo idzatchule chifukwa chake. Pemphaninso kuti alembe kuti tsikulo likadutsa popanda kalata, ndiye kuti mwakhazikika pa ntchito. Mzere womalizawu ndimauumirira chifukwa cha mnyamata wina amene ndinamuona. Anagwira miyezi 6 yake, palibe anamuuza kanthu, iye n'kumaganiza kuti zonse zili bwino. Pa mwezi wa 10 atasemphana mawu ndi kapitawo, anamutulutsira kalata yonena kuti "sanakhoze pulobeshoni". Anayenda maulendo angapo ku ofesi ya leba kuti nkhaniyo iwongoke, pomwe mzere umodzi mu kontrakiti ukanatseka pakamwa aliyense.

Pali chinanso apa chimene ndimachiona chikusokonezedwa. Gawo 26 likuchotsa notisi, koma silikunena kuti munthu wa pa pulobeshoni alibe ufulu wina uliwonse. Malipiro a masiku amene mwagwira ndi anu, ovataimu ndi yanu, ndipo zaka zanu za pantchito zimayamba kuwerengedwa tsiku limene munalowa pageti, osati tsiku lokhazikika. Mmene ine ndimawerengera lamuloli, akafuna kukuchotsani ponena kuti mwalakwa kapena mwalephera ntchito, ayenera kukuuzani cholakwacho ndi kumva mbali yanu, pakuti gawo 31 la malamulo aakulu a dziko lino limapereka ufulu wochitiridwa chilungamo pantchito kwa munthu aliyense, osati okhazikika okha.

Tsopano notisi. Apa ndi pamene pali msampha weniweni, ndipo suli kumene mukuyang'anako.

Sabata imodzi imene iwo adzipatsayo ikukupwetekani mtima, ndikumvetsa, koma ndi yofooka. Gawo 29 likunena kuti ngati kontrakiti ilibe tsiku lothera ndipo munthu amalipidwa pamwezi, notisi yochepetsetsa ndi mwezi umodzi, yolembedwa. Pulobeshoni ikangotha, sangakupatseni sabata. Akafuna kuti muchoke tsiku lomwelo, gawo 30 likuti akulipireni ndalama imene mukanalandira mwezi wa notisiwo, ndiye kuti K260,000 pamodzi ndi zina zimene mumalandira. Kwa amene amalipidwa mwanjira ina masiku amasiyana: wa pasabata amene sanakwanitse zaka ziwiri ndi sabata imodzi, wa patsiku amene sanakwanitse miyezi 6 ndi tsiku limodzi, ndipo onsewa akafika zaka zisanu amafikanso pa mwezi. N'kutheka kuti amene analemba kontrakiti yanuyo anangotenga pepala la antchito olipidwa pasabata n'kusintha dzina. Izi zimachitika kawirikawiri m'mafamu, si nthawi zonse pamene pamakhala chiwembu.

Miyezi itatu yanuyo ndiye nkhani ina. Lamulo linaika notisi yochepetsetsa, silinaike yochulukitsitsa. Mukasainira miyezi itatu, mwavomera, ndipo gawo 30 lomwelo limagwira mbali zonse: wantchito akachoka osapereka notisi imene amayenera kupereka, iyenso amalipira bwana ndalama yofanana ndi malipiro a nthawiyo. Werengani nokha. Miyezi itatu pa K260,000 ndi K780,000. Taganizani kuti chaka chamawa kwatuluka ntchito yabwinopo ku Blantyre, kapena pa ntchito za ngalande yaikulu yothirira imene ikumangidwa kuchokera ku Kapichira, ndipo akukufunani m'masabata atatu. Mudzasankha pakati pa kutaya mwayiwo ndi kusenza ngongole ya ndalama zimenezo. Anthu ambiri amaizindikira ndime imeneyi tsiku limene akukatenga malipiro omaliza, n'kupeza kuti mu envelopu mulibe kanthu.

Ndiye pa zonse zimene mukakambirane, ichi chikhale choyamba. Mawu ake ndi osavuta: notisi ikhale mwezi umodzi mbali zonse ziwiri. Akakakamira kuti makaniko ndi wovuta kumupeza, ndiye akufuna miyezi itatu, vomerani pokhapokha nawonso adzimange miyezi itatu yomweyo. Notisi yaitali yofanana mbali zonse si yoipa kwa inu, chifukwa tsiku limene adzafune kukuchotsani mwadzidzidzi, K780,000 ija idzakhala yobwera kwa inu.

Musanachoke pa tsamba limeneli, onani ngati penapake palembedwa tsiku limene kontrakiti idzathere. Lamulo limadziwa mitundu itatu ya mgwirizano: wopanda tsiku lothera, wa nthawi yoikika, ndi wa ntchito inayake imene ikatha zonse zatha. Wa nthawi yoikika umatha wokha tsiku lake likakwana, popanda notisi. Kuno ku chigwa, kumene ntchito zambiri zimayendera nyengo ya nzimbe ndi thonje, makontrakiti a miyezi yowerengeka ndi ofala, ndipo pa ntchito ya nyengo palibe cholakwika. Koma mapampu amafuna makaniko chaka chonse. Gawo 28 likunena kuti ngati kontrakiti ya nthawi yoikika ikugwiritsidwa ntchito podzaza malo okhazikika a pakampani, idzatengedwa ngati yopanda tsiku lothera. Munthu amene amamusainitsa miyezi 11 chaka ndi chaka pa ntchito yomweyomweyo ali ndi poima.

Tifike pa ovataimu, pamene ndalama zambiri za antchito a kuno zimathera osaziona. Ndikhalitsapo pang'ono chifukwa ntchito yanuyo ndi ya maola osadziwika. Pampu siidziwa kuti lero ndi Lamulungu. Mu Okutobala, dzuwa la ku Nchalo likamawotcha mpaka chitsulo cha sipanala osagwirika ndi dzanja, madzi akaima tsiku limodzi mbewu zimaweramira pansi, ndipo amene adzamuimbire foni usiku ndi inu. Mu Januwale Shire akadzaza, matope ndi zinyalala zimatseka mapaipi okokera madzi, ndipo mudzakhala m'madzi ofika m'chiuno mpaka mdima. Choncho mawu oti "ovataimu ili kale m'malipiro" kwa inu ndi olemera kuposa mmene angalemerere kalaliki wa mu ofesi.

Lamulo likuti maola a ntchito a masiku onse asapyole 48 pasabata, ndipo kwa munthu wogwira masiku 6 pasabata ndi maola 8 patsiku. Likutinso musagwire masiku opitirira 6 otsatizana popanda kupuma maola 24 athunthu. Zopitirira apo ndi ovataimu, ndipo gawo 39 linaigawa patatu. Maola oonjezera pa tsiku la ntchito amalipidwa mtengo wa ola limodzi ndi theka lake. Maola a tsiku lanu lopuma amalipidwa kawiri. Maola a tsiku la tchuthi cha dziko, monga 6 Julaye kapena Khirisimasi, amalipidwanso kawiri. Imeneyi ndi mitengo yotsikitsitsa.

Tiyeni tiwerengere ndi malipiro anu. Njira yozolowereka kwa munthu wa masiku 6 ndi kutenga masiku 26 pamwezi, kuchulukitsa ndi maola 8, zimene zikupereka maola 208. Mukagawa K260,000 ndi 208, ola lanu limodzi ndi K1,250. Ndiye ola loonjezera pa tsiku la ntchito ndi K1,875, ndipo la Lamulungu ndi K2,500. Tsopano titenge mwezi umodzi wotentha. Tinene kuti masiku 20 mwaweruka mochedwa ndi maola awiri, m'malo mwa 4 koloko n'kumaweruka 6 koloko. Amenewo ndi maola 40, ndipo pa K1,875 akupanga K75,000. Tinenenso kuti Lamulungu liwiri anakuitanani tsiku lonse chifukwa mota yapsa kapena beringi yalira. Maola 16 pa K2,500 ndi K40,000. Pamodzi ndi K115,000 m'mwezi umodzi wokha, pafupifupi theka la malipiro anu. Imeneyi ndi ndalama imene mzere umodzi uja ukufuna kumeza.

Kodi bwana sangaike ndalama yokhazikika ya ovataimu m'malipiro? Makampani ena amatero, ndipo zikhoza kuyenda bwino ngati zalembedwa poyera: malipiro enieni ndi akuti, ndalama ya ovataimu ndi yakuti, ikuimira maola akuti pamwezi, ndipo maola opitirira pamenepo adzalipidwa padera pa mtengo wa lamulo. Zikalembedwa chonchi mukhoza kuwerenga nokha ngati zikukwana. Koma mzere wongoti zonse zili momwemo, osatchula maola, ndiye kuti mwagulitsa usiku wanu wonse ndi Lamulungu lanu lonse pa mtengo umene simukuudziwa. Funso lokawafunsa ndi lalifupi: mu K260,000 muno, ya ovataimu ndi zingati, ndipo ndi ya maola angati? Akayankha kuti ndi K40,000, dziwaninso kuti malipiro anu enieni atsika kufika pa K220,000, ndipo zina zimene zimawerengedwa kuchokera pa malipiro enieni zitsikira limodzi.

Kaya ndimeyi aisintha kaya ayi, gulani kope la masamba ochepa pa golosale ndipo muzilemba tsiku lililonse: deti, nthawi yolowa, nthawi yoweruka, pampu imene munakonza, ndi amene anakutumani. Akakuitanani pa foni usiku, muwapemphe atumizenso uthenga, kapena inu mutumize wanu wonena kuti mwafika pa pampu yakuti nthawi yakuti, ndipo musaufufute. Ngati pali buku losainira pageti kapena makadi a ntchito, muzijambula tsamba lanu kumapeto kwa sabata. Milandu ya ovataimu imene ndaiona ikugwa siinagwe chifukwa lamulo linali lofooka. Inagwa chifukwa munthu amangoti "ndinkagwira mpaka usiku", atafunsidwa kuti tsiku liti, maola angati, n'kusowa choyankha. Kope lakuda ndi girisi lokhala ndi madeti limalankhula kuposa mboni zitatu. Onaninso ngati kontrakiti ikunena kuti ovataimu iyenera kuvomerezedwa kaye ndi wamkulu winawake. Ngati ikutero, dziwani dzina la udindo wake, chifukwa maola amene anakutumani kapitawo pakamwa pokha akhoza kudzakanidwa.

Chatsala ndi choti akhoza kukuchotsani nthawi iliyonse. Mawuwa amaopsa, koma pa zinayi zonse ndi amene lamulo linawatchinga kwambiri. Gawo 57 likuti munthu sachotsedwa ntchito popanda chifukwa chomveka, ndipo zifukwa zake ndi za mitundu itatu yokha: kulephera ntchito, khalidwe, kapena zosowa za kampani monga kuchepetsa antchito. Ngati chifukwacho ndi khalidwe kapena kulephera ntchito, ayenera kukupatsani mpata woyankha zimene akukunenezani asanagamule. Zinthu ziwirizi zimayendera limodzi. Chifukwa chabwino popanda kukumvani n'kulakwa, ndipo kukumvani popanda chifukwa chenicheni n'kulakwanso. Nkhani ikafika kubwalo la milandu, gawo 61 likuti ndi bwana amene ayenera kuonetsa chifukwa chimene anakuchotserani. Akalephera, zimatengedwa kuti anakuchotsani mopanda chilungamo. Ndipo kupereka notisi kapena malipiro a mwezi sikulowa m'malo mwa chifukwa. Mabwana ambiri amaganiza kuti akalipira mwezi umodzi ndiye kuti atha nazo, koma si choncho.

Lamulo linatchulanso zifukwa zimene sizingavomerezeke n'komwe, monga mtundu wa munthu, chipembedzo, kulowa bungwe la antchito, kujomba kwa kanthawi chifukwa cha matenda kapena kuvulala, ndi kukadandaula za bwana ku boma.

Komabe musamve ngati simungachotsedwe tsiku limodzi. Gawo 59 limalola kuchotsa munthu popanda notisi pa zolakwa zazikulu: khalidwe loipa kwambiri monga kuba, kunyalanyaza ntchito mobwerezabwereza kapena mokulira, kusowa luso limene munanena kuti muli nalo, kukana dala lamulo loyenera la bwana, ndi kujomba popanda chilolezo kapena chifukwa chomveka. Ziwiri mwa zimenezi zikukukhudzani mwapadera.

Choyamba ndi cha luso. Werengani bwino pamene alemba ntchito zanu. Ngati inu ndinu wa mapampu ndi injini za dizilo, koma pepala likuti mudzayang'aniranso zamagetsi za mphamvu yaikulu kapena kuwotcherera, ndipo zimenezo simunaziphunzire, nenani pano. Mukasainira ndiye kuti mwanena kuti mumazitha, ndipo tsiku limene bolodi ya magetsi idzapse, pepala lomwelo lidzawerengedwa pamaso panu.

Chachiwiri ndi cha kujomba. Makontrakiti ambiri amati ukajomba masiku atatu kapena asanu otsatizana ndiye kuti wathawa ntchito. Onani nambala imene alemba mwanu. Ife a ku chigwa timadziwa kuti pali masiku amene munthu sangafike kuntchito ngakhale atafuna bwanji. Mtsinje wa Mwanza ukasefukira msewu umaduka, amene ali kutsidya kwa Shire amakhala komweko, ndipo tonse tikukumbukira mmene namondwe Freddy anatsekera njira mu Malichi 2023. Madzi osefukira ndi chifukwa chomveka, koma chifukwacho chiyenera kufika kwa bwana. Tumizani uthenga tsiku loyamba lomwelo, jambulani pamene paduka, ndipo netiweki ikasowa tumani munthu kapena pemphani kalata kwa amfumu. Mukadwala, pepala la kuchipatala lisasowe.

Kawirikawiri kontrakiti imanena kuti muzitsatira malamulo a pakampani amene ali m'buku lina. Bukulo lipempheni musanasaine, chifukwa mukusainira zimene zili m'menemonso. Muone njira ya chilango, kuti machenjezo ndi angati munthu asanachotsedwe, ndiponso zimene amadula pa malipiro. Lamulo sililola bwana kulipiritsa wantchito faindi ngati chilango, koma limamulola kudula ndalama yobwezera katundu amene wantchitoyo wawononga. Kwa makaniko, kusiyana kwa chitsulo chimene chatha chokha ndi chimene mwawononga inu ndi nkhani ya ndalama zambiri. N'chifukwa chakenso m'kope lija muzilemba pamene mwachenjeza kuti shafiti yapindika kapena oyilo akudontha koma sipeya sanagule.

Pa tsiku lochoka, kaya mwachoka bwanji, malipiro onse amene muli nawo ayenera kuperekedwa pasanathe masiku 7, kuphatikizapo masiku a tchuthi amene simunapume. Wogwira masiku 6 pasabata amakhala ndi masiku 18 a tchuthi pachaka. Mulinso ndi ufulu wopempha kalata yosonyeza kuti munagwira ntchito pamenepo kuyambira liti mpaka liti. Ndalama ya sevelensi, ija amapereka potsanzikana ndi munthu amene wakhalitsa, ndi imene anthu amaimva molakwika. Kuchokera pa kusintha kwa 2010, imaperekedwa akakuchotsani chifukwa chochepetsa antchito kapena mavuto a kampani, kapena akakuchotsani mopanda chilungamo. Mukasiya nokha mwakufuna kwanu, kapena akakuchotsani moyenera pa mlandu wa khalidwe, palibe. Imayamba mukakwanitsa chaka: malipiro a masabata awiri pa chaka chilichonse cha zaka zisanu zoyamba, masabata atatu pa chaka cha 6 mpaka cha 10, ndi masabata anayi kupitirira apo. Pa malipiro anuwa sabata ndi K60,000, ndiye atakuchepetsani mutagwira zaka 7, mungawerenge masabata 10 a zaka zisanu zoyamba ndi 6 a zaka ziwiri zotsatira, masabata 16, omwe ndi K960,000. Ngati mu kontrakiti muli mzere wonena kuti malipiro a notisi ndiwo "zonse" zimene mudzalandire pochoka, mzerewo ukusemphana ndi zimenezi, ndipo uyenera kuchotsedwa.

Zikadzavuta, musakhale kunyumba kudikira kuti mtima wa bwana ufewe. Dandaulo la kuchotsedwa mopanda chilungamo limapita kwa mkulu wa zantchito wa m'boma lanu pasanathe miyezi itatu kuchokera tsiku lochotsedwa. Kwa inu ndi ofesi ya leba ku Chikwawa boma. Iwo amayesa kukuyanjanitsani, ndipo zikakanika nkhani imapita ku khothi la zantchito, Industrial Relations Court, limene la kufupi ndi ife lili ku Blantyre. Miyezi itatu imatha msanga munthu akamauzidwa kuti "bwerani sabata yamawa, abwana achokapo". Ofesi yomweyo ikhozanso kukuwerengerani kontrakitiyi musanasaine, ndipo ulendo wa minibasi kuchoka ku Nchalo kukafika ku boma ndi wochepa poyerekeza ndi K780,000.

Ndikudziwa chimene chili mumtima mwanu: kuti mukafunsa zambiri, ntchito aipereka kwa wina amene ali pamzere. Nkhawa imeneyo ndi yoona, ntchito kuno n'zosowa. N'chifukwa chake sindikuti mukalowe ndi lamulo m'manja ngati mwabwera kudzazenga mlandu. Pitani Lachitatu kapena Lachinayi, osadikira Lachisanu, kwa amene anakupatsani pepalalo, ndipo muyambe ndi kuthokoza. Munene kuti, "Bwana, ntchitoyi ndaikonda ndipo ndakonzeka kuyamba, koma pali malo atatu amene ndimafuna mundithandize kumvetsa ndisanasaine." Kenako notisi, ovataimu, ndi mzere wa kalata ya pulobeshoni, motsatana choncho. Pa nthawi imene ndinkakhala mbali ina ya tebulo, munthu wofunsa chonchi sindinkamuona ngati wovuta. Ndinkaona munthu amene adzawerenganso buku la pampu asanaimasule.

Akavomera kusintha, kusinthako kulembedwe pa pepala lomwelo. Ngati sakufuna kulisindikizanso, adule mzerewo ndi cholembera, alembe watsopano m'mbali, nonse awiri musaine pambali pake ndi deti. Lonjezo la pakamwa loti "zimenezo timangolemba, sitizitsata" limachoka limodzi ndi munthu amene walinena tsiku limene adzasamutsidwe.

Akakana zonse, ganizo langa ndi ili. Sabata imodzi ija, kuchotsedwa nthawi iliyonse, ndi ovataimu yomezedwa, lamulo lidzakuimiranibe ngakhale mutasaina, malinga muli ndi umboni wa maola anu ndipo mwadandaula nthawi isanathe, ngakhale kuti kulondola ufuluwo kumadya nthawi ndi ndalama zoyendera. Miyezi itatu ya notisi ndiyo mudzaisenze nokha. Ngati mwaiwerengera ndipo mukuona kuti mungathe kukhala nayo, sainani, podziwa kuti m'miyezi ya pulobeshoni muli ndi khomo lotulukira popanda notisi mukaona kuti malowo si abwino. Musasaine tsamba lomaliza lokha: ikani chizindikiro chanu pansi pa masamba onse anayi, musasiye mpata wosalembedwa pamene payenera kukhala deti kapena ndalama, ndipo musatuluke mu ofesimo opanda kope lanu losainidwa ndi iwonso. Akati fotokope yawonongeka, jambulani tsamba lililonse ndi foni pomwepo. Pepalalo mukafika nalo kunyumba muliike m'pulasitiki pamodzi ndi masatifiketi anu, pamalo okwera pamene madzi sangafike, ndipo zithunzi zake mutumize kwa m'bale amene amakhala kumtunda.